Alamu, 26 imeneyo ndi ya kapu imodzi, si ya botolo lonse

Ndakwiya ndithu lero. Alamu anga, omwe kukiliniki anawauza kuti shuga wawo wakwera, anditumizira chithunzi cha pepala la pabotolo la juwisi amene agula pashopu ina kwathu kuno ku Rosettenville, ku Joni. Akuti, "Onani, shuga ndi magalamu 26 okha, ndiye mumandinenera chiyani?" Botololo n'la lita imodzi ndi theka, ndipo amalitha okha pa tsiku kuganyu kwawo kopenta nyumba.

Alamu, ndakulitsa chithunzicho ndi zala zanga. Pamwamba pa 26 yanuyo alemba kuti "per serving", ndipo chapamutu pali timalemba tonena kuti muyezo umenewo ndi mamililita 250. Imeneyo ndi kapu imodzi. Kapu imodzi basi! Inu simumwa kapu, mumapendeketsa botolo mpaka liume.

Lita imodzi ndi theka ndi mamililita 1500. Gawani 1500 ndi 250, mupeza makapu 6. Kapu iliyonse yanyamula magalamu 26 ake, ndiye makapu 6 ndi magalamu 156. Ngati mukundikayikira, yang'anani mzere woyandikana nawo, wa mamililita 100. Pamenepo alemba 10.4. M'botolo lanu mamililita 100 amalowamo ka 15, ndipo 10.4 kuchulukitsa ndi 15 ikubweranso 156 yomweyo. Mizere iwiriyi ikapanda kugwirizana, dziwani kuti mwawerenga mzere wolakwika, mwina wa "carbohydrate" m'malo mwa wa "total sugar".

Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula shuga pafupifupi magalamu 4. Ndiye 156 ndi masupuni 39. Tangoganizani mutakhala pakhonde, mbale ya shuga ili pamiyendo, mukutapa ka 39. Achemwali anga angakulandeni supuniyo musanafike pa 10. Koma poti walowa m'madzi ndipo pabotolo ajambulapo malalanje, mukuti ndi wochepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 pa tsiku, ndipo shuga wa mujuwisi amamuwerengera momwemo. Inu mwadutsa katatu ndi botolo limodzi, tiyi wa m'mawa osawerengera.

Opanga zakumwa amaika muyezo wa kapu, ndipo nambala yake imaoneka yaing'ono, izo n'zawo. Changa n'chakuti nambala ya pachithunzi si imene yalowa m'mimba mwanu.

Komanso inu nonse otumiza zithunzi zoterezi, lekani kujambula modula mutu! Mumangotenga pali nambala ya shuga, mzere wa muyezo mwausiya kunja, kukula kwa botolo sikukuoneka, kenako muzifunsa kuti "kodi ndi wambiri?" Ndichulukitse ndi chiyani ine, ndilote? Tembenuzani botolo, jambulani ndi pamene alemba malita.