Chenjezo kwa abambo amene mukunyadira mimba zotsogola

Abale anga, makamaka inu abambo amene mwapyola zaka 35, pali khalidwe limene ndaliona likuzika mizu pakati pathu ndipo sindingathe kulilekerera. Mwamuna akapeza ntchito yokhala pampando kapena bizinesi yake ikayamba kuyenda, mimba imatsogola, anzake nayamba kumutchula kuti bwana, iyenso nkumaisisita monyadira pamaso pa anthu. Mwamuna yemweyo akafika pakhomo amanyoza mkazi wake kuti wanenepa ntchafu ndi m'mbuyo. Ndikunena mosapsatira kuti nthawi zambiri amene ali pangozi yaikulu pa awiriwa ndi mwamunayo, chifukwa mafuta a m'thupi sali amtundu umodzi, ndipo malo amene akhala ndi amene amaonetsa kuopsa kwake.

Aliyense amene anasendako mbuzi akudziwa zimene ndikunena. Mukachotsa chikopa mumapeza mafuta ena atamatirira kunsi kwake, koma mukatumbula pamimba mumapezanso mafuta ena oyera, oyalana ngati ukonde pamwamba pa matumbo, ena ali pakati pa matumbowo, ena atazinga impso. Thupi la munthu lili chimodzimodzi. Mafuta a pansi pa khungu ndi aja mumatha kuwatsina ndi zala pa ntchafu, pa mkono kapena m'mbali mwa chiuno, ndipo amakhala ofewa. Mafuta a m'kati ali kuseri kwa minofu ya pamimba, kumene zala sizifika, ndipo akachuluka amakankhira minofuyo kunja. Nchifukwa chake mimba ya abambo ambiri imakhala yolimba, yotsogola, pamene miyendo ndi mikono ili yoonda. Ena mwa inu mumaigogoda mimbayo nkumati kulimba kwake ndi umboni wa mphamvu. Kulimba kumeneko kukusonyeza kuti mafuta adzaza m'kati.

Chimene chimachititsa kuti mafuta a m'katiwa akhale oopsa ndi njira imene magazi ake amadutsa. Mafuta a pa ntchafu ndi m'mbuyo amasunga zimene alandira kwa nthawi yaitali ndipo amazitulutsa pang'onopang'ono m'magazi oyenda thupi lonse. Mafuta okuta matumbo sakhala phee chotero. Amasungunuka msanga ndiponso amatulutsa timadzi toyambitsa kutupa m'thupi, ndipo magazi ochokera kumeneko amalowa mumtsempha waukulu umene umatenga chakudya kuchoka m'matumbo kupita nacho kuchiwindi. Choncho chiwindi ndicho chimayamba kulandira mafuta onsewo, usana ndi usiku, munthu adye kapena asadye.

Chiwindi chikamalandira mafuta opyola muyeso chimayamba kuwasunga m'kati mwake, ndipo chimaleka kumvera insulini, timadzi tochokera ku kapamba timene timatsitsa shuga m'magazi. Mwa munthu wabwinobwino, insulini ikakwera pambuyo pa chakudya, chiwindi chimasiya kutulutsa shuga. Chiwindi chodzala mafuta chimapitiriza kumutulutsa ngakhale m'magazi ali kale wambiri. Kapamba amakakamizika kupanga insulini yochuluka kuti zinthu zikhale m'malo, ndipo amatha kutero kwa zaka zambiri munthu osamva kupweteka paliponse, mpaka atatopa. Akatopa ndiye munthu amayamba kumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku ndi kufooka, napezeka ndi matenda a shuga. M'zaka zonse zachete zija mafuta oipa a m'magazi amakhala akukwera, kuthamanga kwa magazi nako kukukwera, mitsempha ya ku mtima ndi ku ubongo ikuonongeka. Tsiku lina bambo akagwa m'bafa nafa ziwalo mbali imodzi, abale amayamba kulozana zala kuti wina wamulodza, pamene chizindikiro chinali poyera kwa zaka khumi ndipo tonse tinkachiombera m'manja.

Izi si za dzulo. Mu 1947 dokotala wa ku Marseille m'dziko la France, dzina lake Jean Vague, analemba kuti anthu onenepa cha kumtunda ndi pamimba amadwala kwambiri kusiyana ndi onenepa m'chiuno ndi m'ntchafu. Mu 2004 madokotala a ku St. Louis ku America anayeza amayi onenepa amene anawapopa mafuta a pansi pa khungu la pamimba, pafupifupi makilogalamu 10 aliyense. Patapita masabata angapo, mimba zawo zinali zitachepa ndithu, koma kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mafuta a m'magazi sizinasinthe, chifukwa mafuta a m'kati anali asanakhudzidwe. Kuno kwathu ku Malawi, kafukufuku wa m'dziko lonse lino wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Sindikunena kuti onsewo vuto linachokera ku mimba, pakuti mchere ndi za kumtundu nazo zili ndi mbali yake, koma mimba ndi chinthu chimene munthu angathe kuchiyeza yekha pakhomo lero lomwe.

Sikelo ikhoza kukunamizani pa nkhani imeneyi, chifukwa imaphatikiza mafupa, minofu, madzi ndi mafuta onse pamodzi. Saizi ya thalauza imanamanso kwambiri, popeza abambo ambiri amamanga lamba kunsi kwa mimba, mimbayo nkumalendewera pamwamba pake, iwo nkumati akuvalabe saizi 34 ngati kale. Chofunika ndi tepi ya telala. Imirirani mowongoka, vulani malaya, fufuzani ndi chala nthiti yomaliza ya m'munsi, kenako nsonga ya fupa la m'chiuno m'mbali, ndipo zunguliritsani tepiyo pakatikati pa malo awiriwa, zimene kwa ambiri zimakhala pamwamba pang'ono pa mchombo. Tulutsani mpweya monga mwa nthawi zonse, osabweza mimba m'kati komanso osakoka tepi mpaka kulowa m'khungu, ndipo werengani. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati ngozi imayamba kukwera mwamuna akapyola masentimita 94 ndi mkazi akapyola 80, ndipo imakula kwambiri mwamuna akapyola 102 ndi mkazi akapyola 88.

Pali njira ina yosavuta imene ine ndimaikonda chifukwa imaganizira msinkhu wa munthu, ndiyo yakuti kuzungulira kwa mimba kusafike theka la kutalika kwanu. Opanda tepi atenge chingwe, achidule molingana ndi kutalika kwawo kuchokera kuphazi mpaka pamutu, achipinde pakati, kenako ayese kuchizunguliza pamimba. Nsonga zake zikakana kukumana, mimbayo yapyola.

Tiyerekeze banja lina. Bambo ndi wotalika masentimita 168 ndipo amalemera makilogalamu 74, moti aliyense womuona atavala jekete anganene kuti ndi wa thupi labwino. Theka la kutalika kwake ndi 84, koma tepi ikuwerenga 98, kutanthauza kuti wapyola ndi masentimita 14. Akagona chagada mimba imangokhala chilili, ndipo akayesa kuitsina zala zimangogwira kachikopa kochepa. Mkazi wake ndi wotalika masentimita 160 ndipo amalemera makilogalamu 72, anthu onse amamuti ndi wonenepa, koma thupi lake lili m'ntchafu ndi m'mbuyo, ndipo pamimba tepi ikuwerenga 78, pansi pa theka lake la 80. Mwa awiriwa, amene ayenera kufulumira kukayezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndi bamboyo. Mayiyo nayenso asatayirire, chifukwa kulemera kumapweteka mawondo ndi msana, ndiponso amayi akasiya kusamba mafuta amayamba kusamukira m'mimba monga mwa abambo.

Mimba ya bambo wathuyu sinabwere yokha. M'mawa amamwa tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi buledi woyera, masana amadya chipisi ndi botolo la chakumwa chotsekemera limene lili ndi shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8, madzulo amadutsa pa kanyenya ndi kumwa mowa, nakafika kunyumba usiku kukadya mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera nkugona pomwepo. Ulendo umene kale ankayenda wapansi tsopano amakwera kabaza. Mowa ndi zotsekemera zimalemetsa chiwindi chomwe chija chimene chikulimbana kale ndi mafuta, ndipo fodya ndi kusagona mokwanira zimawonjezera mafuta a m'mimba. Makolo athu ankadyanso nsima yambiri, koma ankaidya atachoka kumunda ndi khasu paphewa.

Chimene chimandipsetsa mtima koposa ndi njira zachidule zimene anthu akutayira ndalama. Lamba wofinya mimba amangokutulutsani thukuta, ndipo mukamwa madzi zonse zimabwerera. Tiyi wochepetsa thupi amene akugulitsidwa pa foni kawirikawiri amangotsegula m'mimba, mafuta ali pomwepo. Masewera opinda mimba mutagona pansi amalimbitsa minofu, koma sasankha mafuta a pamalopo kuti awasungunule. Ubwino wake ndi wakuti mafuta a m'kati, popeza amasungunuka msanga, amachepa mofulumira munthu akayamba kugwiritsa ntchito thupi, nthawi zina sikelo isanasunthe nkomwe. Muyeso wovomerezeka ndi mphindi zosachepera 150 pa sabata, monga kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu, mofulumira moti mukupuma mwamphamvu koma mukutha kuyankhula. Kupalasa njinga ndi kulima nazo zimawerengedwa. Bambo uja atachotsa chakumwa chotsekemera cha masana, nachepetsa mowa ndi shuga wa mu tiyi, nasiya mtanda umodzi wa nsima nkuchulukitsa nyemba ndi ndiwo zamasamba, ayenera kumayeza ndi tepi kamodzi pa mwezi, m'mawa asanadye, pamalo omwe aja.

Tepi ili ndi malire ake. Siisiyanitsa bwinobwino mafuta a pansi pa khungu ndi a m'kati, ndipo si ya amayi oyembekezera kapena ana aang'ono. Komanso si mimba yaikulu iliyonse imene ili ya mafuta. Mimba imene yakula m'masabata ochepa, munthu akuonda kwina konse, miyendo ikutupa kapena maso akuoneka achikasu, ikhoza kukhala ya madzi obwera ndi matenda a chiwindi, mtima kapena impso, ndipo kwa amayi chikhoza kukhala chotupa cha m'chiberekero. Zoterezi n'zofunika chipatala msanga, osati masewera olimbitsa thupi. Mankhwala ena a nthawi yaitali amathanso kusonkhanitsa mafuta pamimba, koma amene akuwamwa asawasiye payekha, akafotokozere adokotala amene anamupatsa. Ndipo aliyense amene chingwe chija chakana kukumana apite kuchipatala chapafupi akapemphe kuyezedwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ngakhale asakumva kupweteka paliponse.