Mawu a pansi pa kanema amene munthu sanawamvetsere musawatulutse

Pali kanema wa ulangizi wa zaulimi amene akuyendayenda m'magulu a WhatsApp sabata ino, ndipo wandikwiyitsa kwambiri. Mlangizi akuyankhula momveka bwino kuti: "Musathire mankhwala chimanga chisanaume." Koma mawu amene alembedwa pansi akuti: "Muthire mankhwala chimanga chinauma." Patsogolo pang'ono akunena za matumba fifitini, pansi palembedwa 50. Amene anakonza kanemayo anapatsa makina kuti alembe, makinawo analemba, iye n'kutulutsa osamvetserako ngakhale mphindi imodzi. Kumeneku ndi kusasamala, palibe dzina lina.

Mfundo yanga ndi imodzi. Zimene makina alemba kuchokera pa mawu a Chichewa ndi zoyambira chabe, si zotulutsa. Munthu wodziwa Chichewa akhale pansi, avale mahedifoni, amvetsere mzere uliwonse. Ngati mulibe nthawi yochita zimenezi, tulutsani kanema wopanda zolembedwa pansi. Kanema wopanda mawu apansi sanamiza munthu, koma uja wa "muthire" akunamiza aliyense amene akumuonera atatsitsa voliyumu mu minibasi, makamaka m'bale wathu amene ali ndi vuto la kumva, yemwe alibe njira ina yodziwira zimene mlangizi wanena.

Chifukwa chake makina akulakwitsa chonchi n'chachidule: sanamve Chichewa chokwanira. Whisper, pulogalamu imene inatuluka mu 2022 ndipo ambiri amaidalira, inaphunzitsidwa ndi mawu a maola 680,000, koma pa mndandanda wa ziyankhulo zake pali Chiswahili, Chishona ndi Chilingala, Chichewa palibe. Ukaipatsa Chichewa imamvetsera masekondi 30 oyambirira, n'kuganiza chiyankhulo chimene chikufanana nacho, kenako imakakamiza mawu athu kuti alowe m'chiyankhulo chimenecho. MMS, pulogalamu ina ya kampani ya Meta, ya mu 2023, ili nacho Chichewa pansi pa chizindikiro `nya`, koma mawu ambiri amene inaphunzirira ziyankhulo ngati chathu ndi a anthu owerenga Chipangano Chatsopano mofatsa m'chipinda chopanda phokoso. Nanga mayi wa kumsika wa Lizulu amayankhula ngati akuwerenga Mateyu? Mnyamata wa kabaza amamaliza mawu onse? Ndiye musadabwe.

Chimene chikundiwawa n'chakuti malo amene makina amagwa ndi odziwika, ndipo munthu wosamala akhoza kuwapeza mosavuta. Oyamba ndi a kukana. M'Chichewa kukana si liwu loima palokha, ndi kachidutswa kakang'ono komatirira ku mneni: si-, sa-, -sa-. "Sanabwere" ndi "anabwera" zikusiyana pa tizilembo tochepa, "osamwa" ndi "omwa" chimodzimodzi. Munthu akayankhula mothamanga, kapena mphepo ikawomba pa maikolofoni pa nthawi yomweyo, kachidutswako kamazimirira. Makina sasiya mpata kuti asonyeze kuti sanamve. Amalemba liwu lina loyera bwino, lolembedwa molondola, lotanthauza zosemphana. Cholakwika choonekeratu ngati "chmnga" sichoopsa, aliyense achiona n'kuseka. Choopsa ndi chiganizo chowerengeka bwino chimene chatembenuza uthenga. N'chifukwa chake kuwerenga kokha zimene makina alemba si kukonza. Maso sangaone -sa- amene kulibe, khutu ndi limene lingamupeze.

Malo achiwiri ndi manambala. Tonse tikudziwa kuti ndalama, masiku, miyeso ndi zaka timazitchula mwa Chingerezi chathuchathu pakati pa chiganizo cha Chichewa: faifi sauzande, thuu handiredi, fifitini. Fifitini ndi fifite, sikisitini ndi sikisite, satini ndi sate zikusiyana pa kamchira kokha, ndipo kamchirako ndi kamene munthu amameza akamapumira. Kenako mayina. Mponela, Chiradzulu, Nkhotakota, maina a anthu ndi a mbewu amatuluka atang'ambidwa pakati kapena atasanduka mawu ena. Palinso h wa mu ph, th ndi kh, amene pa mawu ojambulidwa ndi foni patali samveka bwino: phala limasanduka pala, khola limasanduka kola, thumba limasanduka tumba. Za l ndi r, ndi za kulumikiza kapena kulekanitsa "ndi" ndi liwu lotsatira, n'zazing'ono, zimangonyansa m'maso koma sizipha uthenga. Musayambire pamenepo. Yambirani pa kukana, manambala ndi mayina.

Ndiye mukonza bwanji? Choyamba tulutsani mawu okha mu kanemayo ndi pulogalamu ya ffmpeg, kuti muwamve bwino komanso kuti makina alandire zimene amazolowera:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -vn -ac 1 -ar 16000 mawu.wav
```

Ngati nyimbo simunayike kale pansi pa mawu, perekani ku makina fayilo yopanda nyimbo. Nyimbo, kuwomba m'manja ndi malo achete ndi pamene mapulogalamu ngati Whisper amapeka ziganizo zimene palibe anazinena, kapena kubwereza mzere umodzi kasanu. Mukaona mzere wobwerezabwereza, pitani pa nthawi imeneyo mumvetsere, nthawi zambiri mupeza kuti panalibe woyankhula. Fufutani mizereyo. Ndipo chiyankhulo musankhe nokha, musasiyire makina kuti aganize. Ngati pa mndandanda palibe `Chichewa` kapena `Nyanja`, dziwani kale kuti zimene zitulukepo ndi zongoyerekeza.

Musanayambe kukonza zonse, yesani mphindi imodzi yokha. Tengani mphindi ya pakati pa kanema, osati ya kumayambiriro kumene munthu amapereka moni mofatsa. Werengani mawu onse amene ayankhulidwa, kenako werengani amene makina asintha, asiya kapena awonjezera. Tinene kuti ayankhulidwa 100 ndipo olakwika ndi 40. Tayani zolembedwazo, musunge nthawi zokha za mizere, mulembe nokha kuyambira pachiyambi. Kukonza mawu awiri pa mawu asanu aliwonse kumachedwetsa kuposa kulemba mwatsopano, komanso maso amatopa n'kuyamba kuvomereza zimene akuona. Ngati olakwika ndi 10 kapena 15, pamenepo konzani.

Kukonzako kuchitike pa fayilo ya `.srt`, imene imasunga mawu apansi ndi nthawi zake, mu pulogalamu yosonyeza mafunde a mawu. Subtitle Edit ndi Aegisub n'zaulere zonse. Tsitsani liwiro ngati pulogalamu yanu ikulola, museweretse mzere umodzi, muimitse, muyerekeze ndi zolembedwa. Mzere wa m'kanema uja ukanayenera kuoneka chonchi:

```
14
00:01:12,400 --> 00:01:15,600
Musathire mankhwala
chimanga chisanaume.
```

Taonani zimene zili pamenepo. Mizere iwiri basi, uliwonse wosapitirira zilembo 42, ndipo ikukhala pa sikirini masekondi atatu, nthawi yokwanira kuwerenga. Mzere usakhale wosakwana sekondi imodzi, usapitirirenso masekondi asanu ndi awiri. Mawu a Chichewa ndi atali, "sindinakuuzeni" ndi liwu limodzi la zilembo 14, choncho mizere imadzaza msanga. Dulani pamene woyankhula wapumira kapena pamene ganizo lathera, musadule liwu pakati, ndipo musalekanitse "wa", "cha", "la" ndi liwu limene akulozera. MMS imatulutsa mawu opanda zilembo zazikulu, opanda mpumiro kapena chizindikiro cha funso, ndiye zonsezo muyika nokha. Musazione ngati zokongoletsa: "Mwathira mankhwala." ndi "Mwathira mankhwala?" pa pepala zimasiyana pa chizindikiro chokhacho, pomwe pakamwa zimasiyana pa kakwezedwe ka mawu.

Mukamaliza ulendo woyamba, bwererani kachiwiri mukungosaka zinthu zitatu zija. Paliponse pamene pali mneni wolamula kapena woletsa, mvetserani kawiri. Paliponse pamene pali nambala, mvetserani kawiri, ndipo ngati ndi muyeso wa mankhwala, mtengo wa katundu kapena tsiku la msonkhano, imbirani foni woyankhulayo kapena yang'anani papepala limene ankawerenga. Musaganizire. Mayina alembeni pa mndandanda umodzi musanayambe, kuti Chiradzulu asakhale ndi kalembedwe katatu mu kanema mmodzi. Cholakwika chimene chikubwerezedwa mukhoza kuchisintha pamodzi ndi `Replace`, koma dinani chimodzichimodzi, osati `Replace all`. Mukasintha "kola" aliyense kukhala "khola" mwakamodzi, muwononga "kukola" ndi "wakola" amene anali olondola, ndipo mudzakhala mwadzipangira nokha zolakwika zatsopano.

Pamene mawu sakumveka ngakhale mutabwereza kangati, lembani kuti sizikumveka. Musapeke. Ndipo lembani zimene munthu wanena, osati zimene mukanakonda kuti anene. Ngati gogo wa ku Nsanje wasakaniza Chisena, kapena wa ku Chipata wayankhula Chinyanja cha kwawo, musamuwongole kuti amveke ngati wa pa wailesi. Posunga fayilo sankhani `UTF-8`, apo ayi ŵ wa mu Malaŵi adzatuluka ngati tizizindikiro tosadziwika. Pomaliza patsani munthu wina amene sanaonepo kanemayo, aonere atazimitsa mawu, akuuzeni zimene wamva. Akanena zosiyana ndi zimene woyankhula ananena, ntchito sinathe.

Inde zimatenga nthawi. Kanema wa mphindi 10 akhoza kukudyerani ola lathunthu kapena kuposerapo. Nanga mumafuna chiyani? Kuthamanga sikufika. Munapita kumudzi ndi galimoto, munalipira wojambula, munagula mafuta, koma ola limodzi loti munthu amvetsere ndiye lakukanikani? Makina sanalakwe kutulutsa kanema ameneyu, sadziwa kutulutsa kanema. Anadina batani ndi munthu, munthu wodziwa Chichewa bwinobwino, amene akanangomvetsera kamodzi akanamva kuti mlangizi akuti "musathire".

Ndipo china. Lekani chizolowezi chomatiriza mawu pa chithunzi penipeni musanawakonze. Fayilo ya `.srt` imene mwaikweza payokha pa YouTube mukhoza kuisintha mawa mukapeza cholakwika, kanema osamukhudza. Koma mawu amene mwawawotcherera m'kanema n'kumutumiza pa WhatsApp simungawabweze. Alowa m'mafoni a anthu, akutumizidwa kuchoka gulu lina kupita gulu lina, ndipo ngakhale mutulutse wokonzedwa, wakale uja apitirizabe kuyenda. Mabungwe amene mumalemba pa bajeti ndalama za kamera, za mafuta ndi za chakudya cha masana, koma pa womvetsera ndi kukonza mawu osayikapo ngakhale kwacha imodzi, mukuganiza kuti ntchito imeneyi aigwira ndani?