Nyimbo za dijeyi m'makanema a ukwati: zikonzereni muholo momwemo

Anzanga ojambula maukwati kuno ku Blantyre, maganizo anga ndi akuti vuto la nyimbo za eni timalisiya mpaka mochedwa. Timadikira YouTube itigwire, pamene nkhaniyi imayenera kukonzedwa tsiku la ukwati lomwelo, kamera isanayatsidwe.

Tiyerekeze kuti mwajambula madyerero ku Comesa Hall. Nthawi ya perekaniperekani dijeyi waika nyimbo yotchuka, ndipo mawu a woyendetsa mwambo akumveka pamwamba pake. Mukakweza kanemayo, makina a Content ID amayerekezera phokoso lake ndi nyimbo zimene eni ake anapereka ku YouTube. Amaizindikira ngakhale muli nthungululu ndi likhweru. Mwini nyimbo ndiye amasankha chochita: kutenga ndalama za malonda a pakanemayo, kuitseka m'mayiko ena kapena paliponse, kapena kungoyang'anira chiwerengero cha oonera. Choncho mphindi 3 za nyimbo zikhoza kukulandani ndalama za kanema ya mphindi 40, kapena achibale a mkwatibwi ali ku Joni n'kulephera kuitsegula.

Dandaulo lotere la Content ID silipha tchanelo yanu ya YouTube. Chimene chimapha ndi chilango chimene pasikirini chimalembedwa kuti copyright strike, chomwe chimabwera mwini akapempha kuti kanema ichotsedwe. Chimatha pakapita masiku 90 ngati mwamaliza kaphunziro ka YouTube kotchedwa Copyright School, koma zikakwana zitatu tchanelo ikhoza kutsekedwa. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona anthu akudina Dispute, batani lotsutsira dandaulo, mwachimbulimbuli. Wodandaula amapatsidwa masiku 30 oti ayankhe, ndipo ngati mulibe pepala losonyeza chilolezo, mwamupatsa mpata wopempha kuti kanema ichotsedwe. Kulemba pansi pa kanema kuti nyimboyi si yanga sikuthandiza. Palibenso lamulo loti masekondi ochepa ndi ololedwa.

Kukonza kwake kuli pamikisala ya dijeyi, makina osakanizira mawu ndi nyimbo. Fikani msanga, mukambirane ndi dijeyi kuti akupatseni maikolofoni a woyendetsa mwambo ndi a olankhula kudzera pa AUX, njira yapadera yotulutsira mawu pamikisala, nyimbo itatsitsidwiratu panjira imeneyo. Lumikizani kachojambulira mawu pamenepo, mumvere pamahedifoni alendo asanalowe. Nyimbo idzalowabe pang'ono kuchokera kumasipika, ndiye pemphani kuti pa zolankhula za ankhoswe ndi makolo azizimitsa ndithu. Pokonza kanema, zigawo zovina muzichotse phokoso la muholo, muikepo nyimbo imene muli nayo chilolezo. Banja lipatseni pafulashi kanema yathunthu yoonera kunyumba. Ya pa intaneti ikhale ina.

Ikani kaye kanemayo pa Private, muone zimene gawo la Checks lanena. Likapeza nyimbo, YouTube Studio imasonyeza mphindi yeniyeni, ndipo mungasankhe kudula chigawocho, kuikapo nyimbo ina, kapena kuifufuta. Kufufuta kumavuta nyimbo ikasakanikirana ndi mawu, amalume amatha kumveka ngati akulankhulira m'madzi.

Nanga nyimbo yololedwa muitenga kuti? Audio Library ya mu YouTube Studio ndi yaulere, koma zina zimafuna kuti mukopere mawu otchula mwini n'kuwaika pansi pa kanema ndendende. Ya mu Sound Collection ya Meta ndi yogwiritsa ntchito pa Facebook ndi Instagram. Musaganize kuti chilolezo chake chikutsatirani ku YouTube. Layisensi imene holo kapena dijeyi ali nayo yochokera ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, ndi yoimbira nyimbo pagulu, monga lamulo la zokopera la 2016 limafunira, ndipo Content ID siiona n'komwe.

Ine ndimakonda kuti tizilipira opanga nyimbo athu a ku Ndirande kapena Chilobwe atipangire zathuzathu, koma napo pali msampha. Wopanga akagulitsa chiyimbo chimodzimodzi kwa woimba wina, woimbayo n'kuitumiza nyimbo yake kudzera kukampani yofalitsa imene imalembetsa ku Content ID, makanema anu onse okhala ndi chiyimbocho agwidwa, ngakhale inu ndinu munayamba kugula. Kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba si umboni wa zimene munagwirizana. Lemberanani pepala, nonse musaine: dzina la nyimbo, tsiku, ndalama, malo amene mudzaiike, ngati mwaloledwa kupangirapo ndalama, komanso kuti sidzagulitsidwa kwa wina kapena kulembetsedwa ku Content ID popanda kuika tchanelo yanu pamndandanda wa ololedwa. Mufunsenso ngati sanadulemo kachidutswa ka nyimbo ya wina, chifukwa chimene si chake sangakugulitseni. Pepalalo mulijambule, mulisunge pamodzi ndi fayilo ya nyimbo. Dandaulo likabwera, ndi pamenepo pamene Dispute mungaidine mosaopa, n'kusankha License.