Kachubu koyenda m'hositelo kakuwononga nkhope za ana athu

Makolo amene muli ndi ana ku sekondale, makamaka kogonera konko, ana akabwera ku holide muziona zimene akudzola kumaso. Sindikunena zowasecha ngati akuba ayi. Khalani nawo pansi, muwerengere limodzi timalemba tating'ono ta pa chubu. Mukapeza mawu akuti clobetasol kapena betamethasone, dziwani kuti mwana wanu akudzola mankhwala amphamvu kwambiri amene sanapangidwire ziphuphu, ndipo nthawi zambiri amakhala kuti anamupatsa ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi.

Ndimagwira ntchito mufamase, ndiye nkhope zoterezi ndimaziona. Chimene chimandiwawa n'chakuti ziphuphu zimene mwanayo anayamba nazo zinali zochizika bwinobwino. Zimene amabwera nazo pambuyo pake ndi vuto lina lalikulu, lochita kugula ndi ndalama yake yodyera.

Mwana akamatha msinkhu, mahomoni amachititsa kuti khungu lizitulutsa mafuta ambiri. Mafutawo amasakanikirana ndi khungu lakufa n'kutseka timabowo ta pankhope, pachifuwa ndi kumsana. Kabowo kakatsekeka, tizilombo timene timakhala kale pakhungu la munthu aliyense timaswana mkatimo, pamalopo n'kutupa. Nkhani yake ndi imeneyi basi. Achinyamata pafupifupi 8 mwa 10 alionse amatuluka ziphuphu pa nthawi ina, kungoti ena zimawachuluka, ndipo kawirikawiri zimatsata kumtundu. Si uve. Mwana akhoza kusamba kasanu pa tsiku ziphuphu osatha, ndipo kukhula nkhope ndi chinkhupule kapena sopo wochapira kumangowonjezera kutupa.

Koma kusukulu salankhula choncho. Kumeneko mwana wa ziphuphu amapatsidwa dzina, ndipo dzinalo limamumatirira mpaka Fomu 4. Pojambulitsa amamuuza kuti aime kumbuyo, kapena chithunzi chake amachiponya pa gulu la WhatsApp la kalasi anthu n'kumaseka. Ena amamunena kuti sasamba, ena amati wayamba zibwenzi, ena amanong'onezana za matenda. Mwana wa zaka 14 amene akumva zimenezi m'mawa uliwonse sangadikire miyezi iwiri kuti mankhwala oyenera agwire ntchito. Akufuna chinthu choti Lolemba pa asembule aoneke mosiyana. Apa m'pamene kachubu kaja kamapezera msika.

Ndikuuzeni za mtsikana wina wa Fomu 2 amene anabwera ndi azakhali ake. Iye anali ndi ziphuphu zochepa pachipumi ndi pachibwano, koma chimene chinkamuvutitsa mtima kwambiri chinali madontho akuda amene ziphuphuzo zinkasiya. Pa khungu lakuda ngati lathuli, paliponse pamene patupa pamasiya dontho, ndipo dontholo limatha miyezi ingapo lisanazimiririke, makamaka ngati munthu anafinya. Mtsikana wa Fomu 4 amene anzake ankamusirira chifukwa cha nkhope yowala anamubwereka kachubu, n'kumuuza kuti asakanize ndi mafuta ake odzola, azipaka m'mawa ndi madzulo.

Sabata ziwiri zoyambirira zinthu zinaoneka ngati zatheka. Kutupa kunaphwa, nkhope inasalala, inayambanso kuwala. Amene ankamuseka aja anayamba kumufunsa chimene akudzola. Ndikufuna makolo mumvetse bwino pamenepa, chifukwa mwanayo sanali wopusa. Anaona ndi maso ake kuti zikugwira, ndipo kwa nthawi yoyamba anzake anamulandira. Mankhwala a mtundu umenewu, amene timawatcha masiteroidi, ntchito yawo ndi kuzimitsa kutupa, n'chifukwa chake madokotala amawalembera anthu a matenda ena a pakhungu, kwa nthawi yochepa, mwina sabata ziwiri, ndipo amphamvu ngati clobetasol amaletsa kuwapaka kumaso. Samatsegula timabowo totsekeka tija ndipo sapha tizilombo. Amangobisa vuto kwinaku akufooketsa khungu.

Teremu isanathe, ziphuphu zinabwerera, koma zamtundu wina. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: ziphuphu zachibadwa zimakhala zosiyanasiyana, china chachikulu, china chakuda kumutu, china choyera, pamene zobwera ndi siteroidi zimatuluka zambiri nthawi imodzi, zing'onozing'ono, zofanana msinkhu, m'masaya monse mpaka m'khosi. Khungu la m'masaya linapyapyala n'kumanyezimira, akayenda padzuwa limafiira ndi kuwotcha. Nkhope inali yoyera koma makutu ndi kumbuyo kwa khosi zili zakuda. Ena amafika potuluka mizere ngati ya amayi oyembekezera, imene sichoka, ndipo zipere zimafala mosavuta chifukwa chitetezo cha khungu chimakhala chagona.

Anayesa kusiya yekha. Patangopita masiku ochepa nkhope inatupa, kuyabwa, kusenda, ndiye anathamangira kachubu komweko, n'kuona kuti zaphwanso. Umu ndi mmene ana amakodwera. Amaganiza kuti mafutawo ndi amene akuwachiza, pamene khungu langowazolowera moti likawasowa limalusa. Pofika nthawi imene azakhali ake anazindikira, mwanayo anali atasiya kupita kukadya masana ndi anzake, amadikira kuti anthu achepe kaye.

Mwana amene wadzola mankhwala otere kwa miyezi musangomulanda n'kumukalipira. Pitani naye kuchipatala, ndipo mutenge chubucho akachione. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli mbali yoona za matenda a pakhungu, koma mukhoza kuyambira ku chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi. Wachipatala ndi amene angaone ngati mwanayo asiyiretu kapena achepetse pang'onopang'ono, komanso ngati akufunika mapiritsi. Mtsikana ndikunenayu anamupatsa mapiritsi a doxycycline a miyezi itatu, ndipo anamuuziratu kuti sabata zoyambirira nkhope iipa kaye isanayambe kukhala bwino. Kumuuziratu kumeneko n'kofunika kwambiri, chifukwa mwana amene sanachenjezedwe amabwerera ku kachubu sabata yoyamba yomweyo. Ziphuphu zinatha, koma mtundu wa khungu unatenga nthawi yaitali kuti ufanane.

Nanga akanachita chiyani poyamba paja? Pa ziphuphu zochepa, mankhwala odalirika ndi benzoyl peroxide, ya 2.5% kapena 5%. Munthu amasamba kumaso kawiri pa tsiku ndi sopo wosakalipa, pogwiritsa ntchito manja okha. Madzulo, nkhope itauma, amatenga pang'ono pokha, kuchuluka ngati njere ya nandolo, n'kupaka mopyapyala pamalo ponse pamene pamatuluka ziphuphu, osati pa chiphuphu chimodzichimodzi, ndipo apewe m'maso ndi milomo. Sabata yoyamba ndi bwino kudumphitsa tsiku, chifukwa amaumitsa khungu. Amasuluka nawo mapilo ndi matawulo, ndiye asayandikitse yunifolomu. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha sabata 6 mpaka 8. Ikakwana miyezi itatu popanda kusintha, kapena ngati ziphuphu zake ndi zikuluzikulu, zopweteka, zosiya maenje, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala ndipo musachedwe, chifukwa maenje akapangika sachoka. Mtsikana amene akukayikira kuti ali ndi pakati anene asanalandire mapiritsi alionse, doxycycline saloledwa kwa oyembekezera.

Zopaka mankhwala otsukira mano ndi mandimu pa ziphuphu zija, siyani. Zimawotcha khungu, ndipo popsapo pamasanduka dontho lakuda loposa loyamba lija. Onaninso mafuta a m'tsitsi, chifukwa akamatsikira pachipumi amatseka timabowo, ndipo tiziphuphu timandandalika m'mphepete mwa tsitsi.

Sabata 8 ndi zoposa theka la teremu. Kwa ife akuluakulu ndi nthawi yochepa, koma kwa mwana amene akusekedwa tsiku lililonse ndi yaitali zedi. N'chifukwa chake ndimakana anthu akamati nkhaniyi ndi ya mankhwala okha. Mankhwala abwino amachedwa, oipa amafulumira, ndipo mwana amasankha malinga ndi mmene akuvutikira pakati pa anzake. Kholo likangoti "zidzatha zokha ukakula" n'kupitiriza zake, lamusiya mwanayo m'manja mwa aliyense amene angamulonjeze zofulumira. Mawuwo ndi oona kwa ambiri, koma sathandiza munthu amene mawa akuyenera kulowa m'kalasi.

Anyamata nawonso asaiwalike, popeza iwo sadandaula poyera. Bodza limene limayenda pakati pawo ndi lakuti ziphuphu ndi chizindikiro chakuti thupi likufuna mkazi, ndipo zimatha munthu akagonana ndi wina. Atsikana ena amauzidwanso zomwezo ndi amuna ofuna kuwanyengerera. Palibe choona chilichonse pamenepo. Kugonana sikuchiza ziphuphu ndipo kudziletsa sikuziyambitsa. Koma mnyamata wa Fomu 1 amene akusekedwa ndi akuluakulu a m'hositelo akhoza kukhulupirira, ndipo mapeto ake ndi mimba kapena matenda, ziphuphu zili pomwepo. Abambo ndi amalume, mawu amenewa anyamata akuyenera kuwamva kuchokera kwa inu.

Ifenso ogulitsa tili ndi mbali yathu. Masiteroidi amphamvu aja amayenera kuperekedwa pokhapokha wachipatala atalemba, koma akupezeka m'misika ndi m'mashopu a zodzoladzola, atayalidwa pamodzi ndi mafuta wamba. Bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA liyenera kuyendera malo amenewa pafupipafupi, ndipo wogulitsa aliyense amene mwana wa yunifolomu wamupempha kachubu kotere ayenera kufunsa kuti n'kachani.

Kwa aphunzitsi ndili ndi pempho lachindunji. Mphunzitsi akangonena nthabwala imodzi yokha ya nkhope ya mwana kutsogolo kwa kalasi, wapereka chilolezo kwa ana onse kuti apitirize, ndipo dzina lonyoza lochokera kwa mphunzitsi silifafanizika. Mutu wa kutha msinkhu ulipo kale m'maphunziro. Mukafika pamenepo, patulani phunziro limodzi la ziphuphu zokha, anyamata ndi atsikana ali limodzi. Auzeni chimene chimaziyambitsa, auzeni poyera kuti za uve ndi za kugonana ndi bodza, lembani pa bolodi mayina awiri aja, clobetasol ndi betamethasone, kuti akawazindikire pa chubu. Ametironi nawo auzidwe zizindikiro zake, kuti mtsikana akayamba kuwala nkhope mwadzidzidzi pakati pa teremu amuitanire pambali mwachikondi, asanafike potupa.