"Kwa ine ikuyenda" si yankho, abale

Lero ndatentha mutu. Mnzanga wa kuntchito wanditumizira sikiripiti ya Selenium yoti izitsegula Chrome ndi kudzaza mafomu yokha. Ndaiyatsa pa kompyuta yanga, yafera pomwepo, bulawuza osatseguka n'komwe. Ndamuuza. Iye akuti, "Aaa, komatu kwa ine ikuyenda bwinobwino." Basi. Ndiye ine nditani nazo zimenezo? Ndibwere ndizidzagwirira ntchito pa laputopu yako?

Maola awiri ndakhala ndikufukula khodi yopanda mlandu, chifukwa mkuluyu anakulunga zonse mu `try` ndi `except: pass`, uthenga wa vuto n'kumezedwa. Nditachotsa zimenezo, chilombo chaonekera poyera:

```
session not created: This version of ChromeDriver
only supports Chrome version 114
Current browser version is 116
```

Nkhani yonse ndi imeneyo. Nambala yoyamba ya ChromeDriver, dalaivala amene Selenium amayendetsera Chrome, iyenera kufanana ndi ya Chrome. Iye anaika dalaivala wa 114 mufoda ya pulojekiti, Chrome wake nayenso anaima pa 114. Wanga anadzikonza yekha n'kufika pa 116. Khodi ndi imodzimodzi, koma makina ndi awiri.

Ndiye ukamati "kwa ine ikuyenda" wandiuza chiyani? Palibe. Wangondiuza kuti zako ziwirizo zikadagwirizana lero. Sunandiuze kuti sikiripiti ili bwino, wandiuza kuti uli ndi mwayi. Ndipatse manambala, aise! Lowa mufoda ya pulojekiti ulembe `./chromedriver --version`, tsegula `chrome://version`, unditumizire zimene zatulukazo. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Ine maola awiri apita.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limene Chrome wako adzasunthe, udzandiimbira ndiwe.

Ndiye poti ndikasake dalaivala wa 116, tsamba lakale lija lotengako madalaivala linathera pa 114. Kuyambira 115 amapezeka pa Chrome for Testing. Komanso kusakako n'kosafunika: kuyambira Selenium 4.6 muli Selenium Manager amene amakupezera dalaivala yekha, ndipo pa Chrome watsopanoyu pamafunika 4.11 kupita m'tsogolo. Ndakweza Selenium, ndafufuta mzere wolozera ku fayilo yake ija, ndasiya `webdriver.Chrome()` yokha. Yakananso! Kani panali dalaivala winanso wakale amene ndinamuiwala mu `PATH`, ndipo ndi amene amatengedwa. `which chromedriver` ndiye wamuulula. Ameneyo ndi mlandu wanga, ndavomera. Nditamuchotsa, Chrome watseguka ngati palibe chinachitika.

Koma inu amene mumati mukapemphedwa uthenga wa vuto mumajambula sikirini ndi foni, chithunzi chopendekeka, mzere wa manambala womwewo n'kuudula, kodi kukopa mawu n'kumata kunakulakwirani chiyani?