Kapinga, mpanda ndi mapeva zisabise nyumba pa renda

Anzanga ojambula mapulani, mundilole ndinene chimene chakhala chikundisowetsa mtendere. Ma renda ambiri amene tikuika pa masamba athuwa, zithunzi zija za pakompyuta zoonetsa mmene nyumba idzaonekere ikamangidwa, nyumba sioneka. Timaona maluwa, migwalangwa, kapinga wofika m'mawondo, galimoto yonyezimira, ndipo nyumbayo imangosuzumira kumbuyo ngati mkamwini wamanyazi. Komatu kasitomala analipira kuti aone nyumba yake.

Nanenso ndinkatero. Ndinajambulira mayi wina nyumba ya zipinda zogona zitatu, kutsogolo kwake mamita 14. Nditamaliza mu SketchUp ndinailowetsa mu Lumion, n'kuyamba kuthira chomera chilichonse chimene chinandikomera m'maso. Atalandira chithunzi, mayiwo anangofunsa kuti, "Achimwene, mawindo aja tinakangana aja ali kuti?" Anali atabisika kuseri kwa mpanda wa maluwa umene ndinauika ndekha.

Ndiyambire pa mpandapo, chifukwa masamu ake ndi apafupi koma ambiri sitiwachita. Kamera timaiika pa msinkhu wa maso a munthu woimirira, mamita 1.6. Pa chithunzi chija kamera inali mamita 12 kuchokera pakhoma, ndipo mpanda unali mamita atatu okha kutsogolo kwa kamera, wotalika mamita 1.5. Diso likadutsa pamwamba pa mpanda wotero limatsika masentimita 10 pa mamita atatu alionse, ndiye pofika pakhoma latsika masentimita 40 basi. Chilichonse chimene chili pansi pa mamita 1.2 pakhomalo chabisika: masitepe, khonde, theka la chitseko, ndiponso m'munsi mwa mawindo, poti mawindo ambiri amayambira pa masentimita 90. Ngakhale mpandawo ndikanaudula kufika mamita 1.2, ukanabisabe bwalo lonse mpaka pa tsinde la khoma, nyumba n'kumaoneka ngati yakhazikidwa pamwamba pa masamba.

Chimene ndinachita n'chakuti mpanda wautali ndinausunthira m'mbali mwa puloti, kuti uzilondolera diso ku nyumba. Kutsogolo ndinasiya duranta wachikasu uja timamuona m'makomo ambiri, wodulidwa pa masentimita 50, ndipo pansi pa mawindo sindinalole chomera kupitirira masentimita 60. Chinanso, mpanda weniweni suoneka ngati bokosi lobiriwira. Wodula ndi chisikilo kapena sizasi dzanja limamuterera, pamwamba pamakhala pokwera ndi potsika pang'ono, timphukira tina tatuluka, ndipo kunsi masamba amachepa, timitengo n'kumaoneka pamodzi ndi dothi. Mukaika chitsamba chimodzi n'kuchikopera kakhumi, chitembenuzeni chilichonse mbali yakeyake ndipo musinthe kukula kwake pang'ono, apo ayi diso ligwira msanga kuti ndi mapasa khumi.

Tsopano mapeva. Apa ndi pamene nyumba zambiri zimasanduka zidole. Peva wamba wa makona anayi ndi masentimita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi. Njira yoti anthu awiri ayende moyandikana imafuna mamita 1.2, kutanthauza mapeva 6 ogonekedwa m'litali, kapena 12 m'lifupi. Koma chithunzi cha mapeva chimene timakoka pa intaneti chimalowa mu pulogalamu ndi kukula kwachisawawa, ndipo timangochimata. Mukapeza mapeva atatu okha adzaza njira yonse, dziwani kuti aliyense wakula kawiri, ndipo woona, ngakhale sadziwa masamu ake, amva kuti nyumbayo ndi yaing'ono. Ine ndimawerenga mapeva amene ali m'chithunzicho. Akakhala 10 m'litali, ndimalemba mamita awiri pa bokosi la kukula kwa `Texture` mu SketchUp, kenako ndimayerekeza ndi chitseko, chomwe ndikudziwa kuti n'chotalika pafupifupi mamita 2.1.

Mtundu wa mapeva ukhale umodzi, ukachuluka iwiri: wapakati ndi wam'mphepete. Zija zosakaniza ofiira, achikasu ndi akuda ngati chitenje zimalanda maso, makamaka khoma likakhala la njerwa zosapaka pulasitala, lomwe lili kale ndi mizere yakeyake. Khoma likakhala ndi zambiri, pansi pakhale phee.

Njirayo ikhalenso ndi kochokera ndi kopita. Ndaonapo tinjira tokhotakhota ngati njoka pabwalo la mamita 8, popanda mtengo kapena mwala woti n'kuulambalala. Ndani angayende motero atasenza thumba la ufa? Adzadula pa kapinga, ndipo aliyense woona chithunzicho akudziwa zimenezo mumtima. Kuchokera pageti kukafika pakhomo njira iwongoke, ikhote pokhapokha pali chifukwa chooneka. Ngati mwasankha miyala yopondapo yotalikirana, kuchokera pakati pa mwala wina kufika pakati pa unzake pakhale masentimita 60 kapena 65, ndiyo sitepe ya munthu woyenda mosathamanga.

Koma chimene ndimachiona kuti chimapangitsa munthu kukhulupirira chithunzi ndi pokumana zinthu. Pamene kapinga wakumana ndi mapeva, pamene mapeva akumana ndi khoma. Ambiri timangolemba mzere umodzi, uku kubiriwira, uku kotuwa, zonse pa levulo imodzi ngati kapeti. Pabwalo lenileni pamakhala kamzere ka konkire kogwira mapeva kuti asamwazike, kotukuka masentimita awiri kapena atatu, ndipo udzu umakagonera pang'ono. Kamthunzi kakang'ono kamene kamabadwa pamenepo kamagwira ntchito kuposa miphika 20 ya maluwa. Chimodzimodzi kukhoma: kapinga asafike pakhoma penipeni. Nyumba zathu zimakhala ndi kakhonde ka simenti kozungulira, masentimita 60 mpaka mita imodzi, kopendekera kunja kuti madzi a padenga asalowe ku maziko, nthawi zina ndi kangalande. Pansi pa nyumba pamakhalanso pokwererapo, osachepera masentimita 15 kuchokera pabwalo. Mukazisiya izi nyumba imaoneka yoyandama, ndipo mmisiri aliyense akangoyang'ana amadziwa kuti wojambulayo sanapondepo pa saiti nthawi ya dzinja.

Za kapinga sindichulutsa. Wotchetchedwa amakhala masentimita anayi kapena asanu, osati udzu wa kudambo umene mapulogalamu ena amayambira nawo. Kubiriwira kwake kuchepetseni, muikemo timadontho totuwirako, makamaka pafupi ndi geti ndi pampopi pomwe anthu amapondaponda. Kuno kwathu mu Okutobala kapinga wosathiriridwa amauma, ndiye kulonjeza munthu bwalo lobiriwira ngati la gofu, pamene madzi a m'mipopi amavuta, ine ndimakuona ngati kumunamiza. Udzu wooneka tsamba lililonse ndimauika pafupi ndi kamera pokha. Kutali chithunzi chamba chimakwanira, ndipo kompyuta imapumako.

Ena adzati kasitomala ndiye amafuna maluwa ambiri. Zoona, ena amafunadi, ndipo mayi aja nawonso anadzapempha kuti ndiwonjezere. Ndinawatumizira zithunzi ziwiri, chodzaza chija ndi china chokhala ndi mtengo umodzi pakona yakumanzere, nthambi zake zikuthera pambali pa denga, mthunzi wake utagwera pa kapinga osati pa mawindo. Anasankha chachiwiri, n'kupempha kuti ndiwaikireko mapapaya awiri kuseri, kufupi ndi khitchini. Ndinawaika, ndipo pachithunzi cha kutsogolo amangooneka nsonga zake pamwamba pa malata.