Kuno kuchigwa mbuzi ya ukwati iphedwe tsiku lomwelo

Loweruka lina mu Okutobala, foni yanga inalira cha m'ma 4 koloko mbandakucha. Anali mayi a mkwatibwi, kuno ku Nchalo, mawu akunjenjemera. "Achemwali, ndithandizeni, nyama yonse yaonongeka."

Anapha mbuzi zinayi Lachisanu m'mawa, n'kulonga nyama ikadali yofunda mufiriji imodzi mpaka kudzaza. Masana magetsi anazima, osabweranso. Amene mumakhala kuno mukudziwa dzuwa la mwezi umenewu, limapyola madigiri 40. Firiji yozima yodzaza nyama yofunda imasanduka uvuni.

Nditafika ndinatulutsa mwendo umodzi wapakati. Pamwamba pankaterera ngati therere, ndipo nditacheka mpaka pafupa, mnofu unali utayamba kubiriwira, fungo lake losasa. Malume a mkwatibwi anati tiitsuke ndi viniga, tithire kale wambiri, tiikazinge kwambiri, palibe angadziwe. Ndinakana, ndipo mpaka lero ndingakane. Moto umapha tizilombo, koma poizoni wina amene tizilomboto tasiya m'nyamamo sapsa. Pa anthu 200 oitanidwa panali ana ndi agogo, amene kutsegula m'mimba nyengo yotentha chonchi kumawafoola msanga.

Mwambo wa kutchalitchi unali 9 koloko, chakudya 1 koloko. Ndinatuma achimwene a mkwati pa njinga yamoto kwa mlimi wina woweta mbuzi, anagula zitatu zamoyo, ndipo pofika 7 koloko zinali zitasendedwa pamthunzi. Mbuzi yathu yakuno ikasendedwa sipyola kwenikweni makilogalamu 12, choncho zitatu zinali zoperewera. Tinaonjezera nkhuku 15 ndi nyemba mpoto waukulu, nthuli tinadula zazing'ono kuti zipse msanga komanso zikwanire. Zam'kati tinayamba kuphika izo, chifukwa ndi zimene zimafulumira kuonongeka.

Pa mpunga tinakanganako pang'ono. Amayi ofuna kuthandiza ankati tiuphikiretu m'mawa kuti tipume. Ine ndinati udikire, chifukwa mpunga wokhala maola ambiri m'mabeseni ovindikira kuno umachita thukuta n'kuyamba kunanda. Makilogalamu 25 tinawateleka 11 koloko, pamafuwa anayi, n'kupakula ukadali wotentha. Kabichi tinachita kukazinga, wa mayonezi ndinamuchotseratu.

Akwati anachedwa pojambulitsa zithunzi, zomwe zinatipatsa mpata, ndipo anthu anayamba kudya 2 koloko isanakwane. Perekaniperekani anayenda mpaka dzuwa kupendeka. Mkwatibwi anamva za nkhaniyi mawa lake.

Nyama ija tinaikwirira m'dzenje lakuya kuseri kwa khola, n'kuikapo miyala kuti agalu asafukule. Mayi aja anaimirira pomwepo akulira, chifukwa mbuzi ziwiri mwa zinayizo anaziweta okha kuyambira zili tiana, kudikira tsiku la mwana wawoyu.